Lipoti la mjigo: mabanja ndi 240 kapena 230?

Mlembi: Makolo ndi abale, lipoti lopempha mjigo wa midzi yathu lija ndaliika pano. Loweruka lipite kwa otithandiza. Ngati palibe chonena ndisayinitse apampando.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Alembi, dikirani kaye. Tsamba 2 likuti midzi yathu inayi ili ndi mabanja 240. Koma tebulo la pa tsamba 5 lili ndi 62, 85, 48 ndi 35. Ndawonkhetsa kawiri, zikundipatsa 230. Mabanja khumi apita kuti?

Mchemwali wa ku Joni: Iii aphunzitsi, khumi okha? Anthu akumwa madzi amodzi ndi ng'ombe ife tili pa masamu. Litumizeni basi.

Msungichuma: Ayi achemwali, khumiwo ndi ndalama. Tinagwirizana K5,000 pa khomo lililonse. Mu bajeti alembamo kuti mudzi usonkha K1,200,000, ndiye kuti anachulukitsa ndi 240. Ngati makomo ndi 230 tidzatolera K1,150,000. K50,000 yotsalayo adzafunsa ine, ndipo mawu oti wadya amayamba chonchi.

Mphunzitsi wopuma: Ndipo si pokhapo. Ndime yomweyo ikuti mabanja 65 pa 100 alionse amatunga kumtsinje. Tebulo likuti otunga kumtsinje ndi 138. Tengani 138 mugawe ndi 230, mupeza 60 peresenti ndendende. Mukagawa ndi 240 mupeza 57.5. Konseko 65 sakutuluka. Ndiye ndinabwerera chammbuyo, kudzifunsa kuti 65 peresenti ya 240 ndi mabanja angati. Ndi 156, osatsala kanthu. Apa ndi pamene ndinaima. Tebulo likugwirizana lokha, 138 mwa 230. Mawu nawonso akugwirizana okha, 156 mwa 240. Chala chikaphonya polemba, manambala sagwirizana bwino chonchi. Ine ndikuona ngati kawerengedwe ka mabanja kanachitika maulendo awiri osiyana, wolemba n'kusintha tebulo koma mawu akale n'kuwasiya.

Mlembi: Zikhoza kutheka abambo. Nambala zoyamba tinatenga m'kaundula wa amfumu, kenako achinyamata anayenda khomo ndi khomo. Sindikukumbuka kuti tebulo linachokera ku ziti.

Mnyamata wa ku koleji, Zomba: Ine ndapezanso china. Pa tebulo lomwelo: mtsinje 60, zitsime 35, mjigo wa kusukulu 17. Pamodzi ndi 112 peresenti! Peresenti siipitirira 100. Apa wina waphika manambala.

Malume a ku Mtandire: Mphwanga usafulumire kunyoza anthu. Zimatero akamadula timadontho tija, 35.2 n'kulemba 35. Ku ntchito kwathu timaziona.

Mphunzitsi wopuma: Achimwene, kudula madontho kulipo, koma pa manambala atatu kungakupatseni 99 kapena 101, osati 112. Mwana wanga wa ku Zomba, nawenso usathamangire mawu oti kuphika. Yang'ana mabanja enieniwo: 138, 81 ndi 39, pamodzi 258. Apitirira 230 ndi 28. Ngati funso linalola kutchula malo angapo, palibe cholakwa, chifukwa mayi amene amatunga pachitsime nthawi ya dzinja, chitsime chikaphwa mu Okutobala n'kumapita kumtsinje, awerengedwa kawiri. Zikatero timangolemba pansi pa tebulo kuti banja linkatha kutchula malo oposa amodzi. Koma ngati funso linali loti mumatunga kuti kawirikawiri, yankho limodzi basi, ndiye 112 ndi vuto ndithu. Tione pepala la mafunso lija tisanaweruze.

Mayi a kumudzi: Ine kwathu sanafikeko n'komwe achinyamatawo. Tsiku lomwelo tinali kumaliro kutsidya, makomo onse a mbali yathu anali otseka. Mwina khumi mukuwafunawo ndi ife.

Msungichuma: Amayi, mawu amenewo ndi aakulu. Ngati zili choncho 240 ndiye yoona, tebulo ndiye laperewera.

Mphunzitsi wopuma: Mwina, koma sizikutha. Makomo khumi aja onse atakhala otunga kumtsinje, 138 ifika 148. Pa 240 ndi pafupifupi 62 peresenti. Kuti tifike 156 patsalabe mabanja 8 omwe sindikuwaona.

Mchemwali wa ku Joni: Ndamva tsopano, pepani aphunzitsi. Koma ine funso langa ndi lina. Muyezo wa boma ndi anthu 250 pa mjigo umodzi wa Afridev. Mabanja 230, ngakhale titati anthu anayi pa banja, ndi 920. Tikupempheranji mjigo umodzi?

Wapampando: Imeneyo ndi ya msonkhano wina achemwali, tisasakanize. Lipoti Loweruka silipita. Alembi, pezani mapepala a achinyamata aja ndi kaundula wa amfumu, mujambule muike pano.

Mlembi: Kaundula ndimupeza mawa. Mapepalawo anasunga ndi mnyamata amene ali ku Mchinji pa ganyu, foni yake sikupezeka kuyambira Lachiwiri.