Invoisi ya pa chithunzi ikukana kuwonkhetsa

Nabanda: Abale amene mumasunga mabuku mundithandize. Bwana wanga ali ndi shopu ku Mayfair kuno ku Joni, sitoko ikabwera amangojambula invoisi nkunditumizira pa WhatsApp, ine ndimailowetsa mu Excel podzera Data kenako From Picture, nkusiya mzere umodzi, deti, nambala, sapulaya ndi ndalama. Lero ndawonkhetsa mwezi wonse koma zikuperewera R1,437.50, ndipo invoisi ya ndalama imeneyo ilimo ndikuiwona ndi maso angawa. Mutu ukuwawa, mawa akufuna lipoti

Che Juma: Chemwali vuto ndi kajambulidwe. Kwathu ku Fordsburg mnyamata ankajambula pepala lili pa ntchafu, lopindika, mthunzi wa foni pakati penipeni, 8 ankatuluka B. Awuzeni aziyala pa kauntala pafupi ndi khomo

Nabanda: Chithunzi chili bwinobwino achimwene, manambala onse atuluka olondola

aPhiri: Taonani kolamu ya ndalamayo. Manambala enieni amatsamira kumanja kwa selo. Ngati 1,437.50 yatsamira kumanzere ndiye kuti Excel ikuiwona ngati mawu, ndipo SUM mawu imangowadumpha mwakachetechete osadandaula. Makompyuta ambiri a kuno ku Joni masenti amawalekanitsa ndi koma, 1437,50, pomwe sapulaya wanu wasindikiza ndi kadontho. Ikani iyi mu selo ya pambali, pa D14 mulembepo selo imene muli ndalamayo

```
=NUMBERVALUE(D14;".";",")
```

Ikakana, pamene pali semikoloni ikanipo koma, zimatengera mmene kompyutayo anaitcherera

Nabanda: Eee yatsamiradi kumanzere!! Zinazo ndalama zake ndinkachita kutaipa ndekha nchifukwa zinali bwino. Yalowa tsopano, zikomo bambo

aPhiri: Musanatseke onaninso nambala ya invoisi. Ngati pa pepala ndi 004512 Excel imadya maziro nkusiya 4512, tsiku lofananiza ndi sitetimenti ya sapulaya mudzavutika. Kolamu imeneyo ikhale Text musanalowetse kanthu. Komanso musatenge nambala ya manambala 10 yoyamba ndi 4, imeneyo ndi ya VAT, ambiri amaikopera poti imakhala pamwamba

Mayi a Tadala: Ine kuti nditsimikize kuti makina awerenga bwino ndimagawa ndalama yonse ndi 1.15. Yanuyo ikupereka 1,250 ndendende, VAT 187.50, ikafanana ndi za pa pepala basi ndadutsa

aPhiri: Zoona mayi koma bola katundu yense akhale wa 15%. Invoisi ikakhala ndi ufa wa chimanga, mpunga kapena mazira sizigwirizana chifukwa zimenezo VAT yake ndi ziro, mungamakayikire chithunzi chosalakwa

Nabanda: Yathuyi ndi ya sopo yekhayekha ndiye yagwirizana. Koma deti nayo, pa pepala 03/04/2025, pa laputopu ya bwana ikuoneka 4 Malichi pomwe sitoko inabwera pa 3 Epulo

Che Juma: Ine ndimataipa 2025-04-03, chaka poyamba, sinasokonezepo

Mayi a Tadala: Nanga za miyezi yapitayi zimene zinatembenuka kale muzidziwa bwanji, poti 03/04 ndi 04/03 onse ndi madeti abwinobwino?

Nabanda: Ndiyamba ndi amene tsiku lake silipitirira 12, ndiwafananize ndi zithunzi chimodzichimodzi usiku uno