Alimi otsogolera andisowetsa mtendere, tsiku la msonkhano silikupezeka

Mlangizi wa ku Ntcheu: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi alimi otsogolera 24, pa gulupu ya WhatsApp alipo 17. Ndikufuna tikumane tikambirane za munda wachitsanzo mvula isanagwe. Lolemba ndinalemba kuti "tikumane liti sabata yamawa?" Pano mauthenga apitirira 50, tsiku palibe. Wina akuti tsiku lililonse, wina akuti Lachitatu osanena Lachitatu liti, wina wangoponya chithunzi cha mbuzi yodwala. Bwana akufuna lipoti pakutha pa mwezi.

Mlangizi wa ku Mchinji: Achimwene, funso lanulo ndi lomwe lawasokoneza, mwawapatsa munda wopanda malire. Sankhani nokha masiku atatu, muike manambala. Ine ndimalemba chonchi: "Tikumana pa munda wachitsanzo, maola awiri basi. 1. Lachiwiri pa 14 Okutobala, 2 koloko masana. 2. Lachinayi pa 16 Okutobala, 2 koloko masana. 3. Lolemba pa 20 Okutobala, 9 koloko m'mawa. Yankhani ndi nambala ya tsiku lililonse lomwe mungathe kubwera, kaya awiri kaya onse atatu. Loweruka madzulo nditseka ndi kulengeza tsiku." Dzina la tsiku ndi deti ziyendere limodzi, chifukwa "Lachitatu likubwerali" aliyense amalimva mwake.

Akuluakulu a ku Kasungu: Ana inu mukudzivutitsa. Mlangizi safunsa, amauza. Nenani tsiku limodzi, mudutse kwa amfumu, mthenga alengeze. Zaka zonsezi ndayendetsa misonkhano popanda foni.

Mlangizi wa ku Ntcheu: Bambo, chaka chatha ndinachita zomwezo, panabwera anthu 6. Tsiku ndinasankhalo linali la msika.

Mayi wa ku Mangochi: Ndiye poyambira ndi pamenepo achimwene, musanalembe masiku atatuwo chotsani kaye oipa. La msika lichoke. Kuno Lachisanu masana sindiyerekeza, anthu ali ku mzikiti. Loweruka a Sabata sabwera. Funsaninso azaumoyo tsiku la sikelo, apo ayi amayi onse simuwaona. Komanso 9 koloko ya a ku Mchinjiyo ndikuikayikira. Okutobala anthu amalawirira kukalima mizere dzuwa lisanatenthe, pomakafika kunyumba n'kusamba ndiye kuti yakwana 11.

Mnyamata watsopano wa ku Dowa: Bwanji osangopanga Poll mabwana? Imawerenga yokha mavoti.

Mlangizi wa ku Mchinji: Imathandiza, koma Allow multiple answers ikhale yoyatsa. Ine ndinaizimitsa ulendo wina. Mavoti anatuluka 7, 6 ndi 2, ndinatenga la 7. Nditafunsa pambuyo pake ndinapeza kuti anthu 5 mwa 7 aja akanathanso kubwera tsiku lachiwirilo, koma a 6 aja loyambalo sakanatha, kunali chinkhoswe kumudzi kwawo. Ndikanalola mayankho angapo tsiku lachiwiri likanapeza anthu 11. Simukufunsa tsiku lomwe munthu akulikonda, mukufunsa lomwe angathe.

Mayi wa ku Mangochi: Poll muchenjere nayo. Ena foni ndi ya mwana, amaiona madzulo okha, ndipo mwanayo amangodina popanda kufunsa mayi ake. Ena bandulo inatha kalekale. Amene savutika kulemba "2" ndi ambiri kuposa odziwa kuvota. Ine ndikatumiza uthenga ndimajambulanso mawu, kuwerenga masiku omwewo pang'onopang'ono, chifukwa cha omwe kuwerenga kumawavuta. Ndipo 7 omwe sali pa gulupuwo mwawaganizira? Aliyense mumupezere mnzake woyandikana naye, akamufunse n'kuyankhira onse awiri.

Akuluakulu a ku Kasungu: Mwaona? Mapeto ake mukutumabe munthu wapansi. Tsiku limodzi, kudzera kwa amfumu. Mukawapatsa atatu, amene tsiku lake lagonja amanyanyala.

Mlangizi wa ku Mchinji: Apo pokha bambo mwanena zoona, zimachitika. N'chifukwa chake ndimalembanso kuti titenga tsiku la anthu ambiri, ndipo polengeza ndimatchula chiwerengero. Koma amene munda uli pamalo pake ndimamuimbira ndisanalembe chilichonse. Masiku onse atatu akhale oti iyeyo alipo.

Mnyamata watsopano wa ku Dowa: Nanga kukagwa maliro tsiku mwasankhalo?

Mayi wa ku Mangochi: Palibe msonkhano mchimwene, usayese n'komwe. Ine ndinakakamira kamodzi, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anthu awiri mpaka 4 koloko, ndipo amfumu sanandilankhule bwino mwezi wathunthu. Tsiku lomwe labwera pachiwiri ulisunge, ulengezeretu kuti zikavuta tipita limenelo.

Akuluakulu a ku Kasungu: Amfumu akanakuuzani za malirowo m'mawa momwe mukanadzera kwa iwo.

Mlangizi wa ku Ntcheu: Chabwino, ndilemba usiku uno. Koma wina wafunsa kale ngati pakhala ya sopo.

Mnyamata watsopano wa ku Dowa: Kodi mafuta a njinga zamoto mwezi uno alipo amene walandira?