Ndalengeza tsiku lotseka, makasitomala akuyesa kuti ndi tsiku lomaliza kuoda

Wamabokosi, Limbe

Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Lolemba ndinatumiza uthenga kwa makasitomala kuti titseka Lachitatu pa 24 Disembala, tidzatsegulanso pa 5 Januwale. Basi, sindinawonjezere china. Lero mayi ena a ku Karonga aimba kuti ndiwasungire makatoni 6 a mabokosi a keke, ndalama atumiza pa 23 akagawana za banki m'khonde, ndipo katunduyo afike Khirisimasi isanakwane. Nditawauza kuti sizingatheke, andiwerengera uthenga wanga womwe, amvekere mwalemba nokha kuti mutseka pa 24. A ku Mzimba nawonso nkhani yake yomweyo. Olongedza ndili nawo awiri okha, wina wapempha kale kupita kumudzi pa 20. Onyamula maphukusi sanandiuzebe kuti asiya liti kulandira. Uthenga wachiwiri ndiulembe bwanji osaoneka ngati ndikubweza mawu? Ndiike tsiku liti?

Madala a hadiweya, Lilongwe

Achimwene, musawauze tsiku lenileni. Ngati katundu womaliza atuluka pa 19, inu lembani pa 16. Kasitomala amabwera tsiku lomaliza, kenako amapempha masiku awiri ena. Ine ndachita zimenezi zaka zonse ndakhala mu bizinezi.

Mayi wa holoselo, Blantyre

Bambo a mabokosi, mayi a ku Karongawo sanalakwe. Munthu ukamupatsa tsiku limodzi amagwira lomwelo. Inu munalemba tsiku lotseka chitseko, pomwe iwo chitseko chanu sachiona n'komwe. Iwo akufuna kudziwa kuti ndalama atumize liti kuti katundu afike m'manja mwawo.

Yambirani kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Wophika keke amafuna mabokosi asanayambe kuphika, ndiye tinene kuti akhale atawalandira pofika Lolemba pa 22. Katundu wa ku Karonga, mwa zomwe ndaona ine, amatenga masiku awiri zinthu zikayenda bwino, chifukwa nthawi zambiri amatsitsidwa kaye ku Mzuzu n'kudikira galimoto ina. Mvula yayamba, ndipo pa Chiweta paja pakafa lole imodzi, tsiku latha. Lamulungu musaliwerengere. Ndiye wa kumpoto yense atuluke Lachisanu pa 19, osapitirira apo. Kulongedza ndi kulemba makatoni ndi Lachinayi pa 18. Choncho ndalama zikhale zitalowa pofika Lachitatu pa 17. Mwaona? Pa 24 paja pasanduka pa 17, sabata yathunthu.

A ku Lilongwe, Zomba ndi Mulanje ndi apafupi, katundu amagona usiku umodzi. Amenewo alipire pofika Loweruka pa 20 masana, katundu atuluke Lolemba pa 22. Akapanda kufika pa 23, mudakali ndi m'mawa wa pa 24 woti mumulondole. Koma masiku onsewa musawalengeze musanapite nokha ku ofesi ya onyamula maphukusi. Pafoni amangoti tikugwira ntchito. Mukafunse zinthu ziwiri: asiya liti kulandira kuno, ndipo ofesi yawo ya ku Karonga itseka liti. Masiku awiriwa si nthawi zonse amafanana.

Wosindikiza makalendala, Zomba

Mfundo yomalizayo inandiwawa chaka chatha. Ndinasindikiza makalendala 300 a mpingo wina wa ku Rumphi, ankafuna kuwagawa pa mapemphero a Khirisimasi. Ndinawapereka pa 23 m'mawa, lisiti ndinalandira, ndinalijambula n'kuwatumizira abusa. Katundu anafikadi, koma ofesi ya kumeneko inatseka masana a pa 24. Mkulu wa mpingo anapalasa njinga mtunda wautali n'kukapeza loko pachitseko. Anandiimbira ali pomwepo, akuti makatoni akuwaona pawindo. Anawatenga pa 29. Ndalama yotsala anandipatsa theka, ndipo chaka chino sanabwerenso. Lisiti la onyamula silikupulumutsa, kasitomala amadziwa iwe.

Madala a hadiweya, Lilongwe

Ndi zomwe ndikunenazi. Mukanawauza tsiku labodza la m'mbuyo, makalendala akanatuluka pa 20. Bwezani tsiku, musawauze lenileni.

Wosindikiza makalendala, Zomba

Madala, mpingowo unaoda nthawi yabwino. Amene anachedwa ndine, magetsi anandivuta masiku awiri. Tsiku labodza silikanathandiza kanthu.

Wazovala, Mzuzu

Pepani ndalowa mochedwa. Ngati nkhani ndi ya mnyamata wopita kumudziyo, musamudule malipiro, masiku atchuthi ndi ake. Pa 25, pa 26 ndi pa 1 Januwale ndi tchuthi cha boma, akagwira masiku amenewo muyenera kumuwonjezera.

Wamabokosi, Limbe

Ayi achemwali, za mnyamatayo tinamvana kale. Vuto ndi uthenga wa makasitomala. Mayi a holoselo, masikuwo ndawamva, mawa m'mawa ndipita ku ofesi ya onyamula. Nanga mawu ake?

Mayi wa holoselo, Blantyre

Musapepese kwambiri, ndipo musayambe ndi mafuno abwino a Khirisimasi. Anthu amawerenga mizere iwiri yoyamba basi. Wa kumpoto ndingaulembe chonchi:

"Makasitomala athu a ku Mzimba, Mzuzu, Rumphi, Karonga ndi Chitipa: kuti katundu akupezeni Khirisimasi isanafike, odani ndi kulipira pofika Lachitatu pa 17 Disembala, 4 koloko madzulo. Katundu womaliza anyamuka Lachisanu pa 19. Oda yosalipira sitiiwerengera. Zolipiridwa nthawi imeneyi itadutsa zidzatumizidwa kuyambira Lachitatu pa 7 Januwale. Tsiku la pa 24 lomwe tinalengeza lija ndi la odzatenga okha pa sitolo, mpaka 12 koloko masana."

Mzere womalizawo ndi umene ukukuchotsani manyazi. Simunabweze mawu, mwangofotokoza kuti pa 24 ndi pa ndani. Lembani dzina la tsiku pamodzi ndi deti, chifukwa ambiri amasunga Lachitatu m'mutu, 17 amaiwala. A kum'mwera ndi pakati alandire wawo wosiyana. Mukaika madeti onse mu uthenga umodzi, wa ku Chitipa adzasankha la ku Zomba poti ndilo lili kutsogolo.

Pa 7 ndalemba dala. Mukutsegula pa 5, koma kodi simuwerenga sitoko? Nanga amene amakugulitsani mabokosiwo adzakhala atatsegula? Mukangolemba kuti titsegula pa 5, pa 6 foni idzayamba kulira kuti katundu wanga ali kuti.

Wazaulimi, Kasungu

Chenjerani ndi katumizidwe kake. Ine ndinkadalira Broadcast list ya WhatsApp, ndimvekere onse alandira. Ndinadzazindikira mochedwa kuti uthenga wotero umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanga m'foni mwawo. Ogula mbewu ambiri sanaisunge, amangoyang'ana pomwe tinachezera komaliza. Status nayo imafufutika pakatha maola 24, ndipo wakumudzi amagula bandulo mwa apo ndi apo. Amene amakugulani kwambiri, kaya ndi 20 kaya 30, atumizireni mmodzimmodzi, osayankha muwaimbire. Pa WhatsApp Business ikaninso Away message, koma musaiwale kudzaichotsa. Yanga inkauzabe anthu kuti tatseka mpaka pa tsiku la Chilembwe, pa 15 Januwale, ine ndikudabwa kuti maoda achepa bwanji.

Madala a hadiweya, Lilongwe

Kuimbira anthu 30 ndi mayunitsi angati? Zonsezi zikuchuluka chifukwa mukufuna kunena zoona zokhazokha. Lembani pa 15, ochedwa muwalandire mpaka pa 17, aziona ngati mwawachitira chifundo. Aliyense akondwa.

Mayi wa holoselo, Blantyre

Madala, pa misomali ndi malata zimatheka, wogula amabwera yekha ndi galimoto yake. Ophika makeke amadziwana, ali m'magulu awo. Mmodzi akangolemba kuti ine andilandira pa 17, chaka chamawa palibe adzakhulupirire deti lanu, ndipo amene anathamanga kukakongola ndalama kuti alipire pa 15 adzakwiya. Masiku osungira ngozi ndawaika kale pakati pa kunyamuka ndi kufika kwa katundu. Pamenepo ndi pomwe amafunika.

Madala a hadiweya, Lilongwe

Chaka chamawa adzakhala ataiwala. Ine pa 15 pomwepo.

Wamafuta odzola, Mangochi

Mawu akuti kulipira muwamasulirenso. Sabata imeneyi ndi yomwe zithunzi zabodza za malipiro zimachuluka, poti akudziwa kuti muli pa liwiro. Ine wina ananditumizira chithunzi chooneka bwinobwino, dzina langa, ndalama yake yeniyeni, akuti basi inyamuka 5 koloko, fulumirani. Ndinapatsa kondakitala makatoni awiri. Usiku poyang'ana, mu akaunti mulibe kanthu, nambala yake yazima. Za Airtel Money ndi Mpamba yang'anani ndalama zomwe zili m'foni mwanu, osadalira uthenga womwe wina wakutumizirani. Za ku banki ina nthawi zina zimagona, ndiye wolipira pa 17 madzulo mukhoza kudzaziona pa 18. Mumuwerengera kapena ayi? Ganizirani lero, musadzakangane tsikulo.

Wamabokosi, Limbe

Amene watumiza nthawi isanakwane ndimulongedzera, koma katoni situluka ndalama zisanaoneke. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi mayi a ku Karonga aja. Agula kwa ine zaka zinayi, sanandibere ngakhale kamodzi. Ndalama alibedi mpaka pa 23. Ndiwatumizire pangongole pa 19?

Wosindikiza makalendala, Zomba

Ine ndikanatumiza makatoni 3, osati onse 6. Apereke ya mayendedwe yokha panopa. Koma muwauze kuti zikhale za awiri.

Wamafuta odzola, Mangochi

Ngongole ya Disembala imabwezedwa mu Malichi. Januwale ndi fizi ndi feteleza, mudzauzidwa kuti makeke sanayende. Musayerekeze.

Mayi wa holoselo, Blantyre

Pamenepo sindingakuuzeni, mukuwadziwa ndinu. Kungoti mukatumiza, lembani pa invoisi tsiku lobweza, ndipo nambala ya pa katoni ikhale ya munthu amene akakhale ku Karonga sabata imeneyo. Ambiri amalemba yawo, kenako n'kupita ku maliro kapena ku ukwati, katundu n'kumangokhala.

Wazovala, Mzuzu

Za basi zomwe zatchulidwazi, alipo akudziwa ngati makondakitala ayamba kale kukweza mtengo wa katundu? Dzulo pa depoti anditchula mtengo wina pa belo limodzi lopita ku Lilongwe, ndangobwerera nalo.

Wazaulimi, Kasungu

Kuno anakweza sabata yatha. Akuti mipando yadzaza, ndipo m'buti akuyamba kaye kuika katundu wa okwera. Belo lanulo ndi lolemera bwanji?