Tirenchi kapena renikoti? Kasitomala wandibwezera khoti

Wogulitsa majekete: Anzanga ndithandizeni mutu ukuwawa. Sabata yatha ndinagulitsa khoti lalitali la khaki ngati renikoti, lero bamboyo wabwera nalo ali lonyowa mpaka layining'i akuti mvula inamupeza panjira kwa ola lathunthu ndipo shati yonse inanyowa m'mapewamu. Akuti ndinamugulitsa tirenchi. Tsono ndatsala ndi lina lofanana nalo ndipo sindikufuna kubwereza manyazi amenewa. Lamba palibe, mabatani ndi mizere iwiri, kolala ndi yaikulu, pachifuwa mbali yakumanja pali kansalu kolendewera, kumsana kulinso kena ngati kakepu. Lebo inadulidwa. Ndilembe chani pa tagi?

Che Lamba: Palibe lamba si tirenchi. Nkhani yatha. Lembani renikoti.

Telala wakale: Ayi achimwene musathamange. Lamba ndi chinthu choyamba kusowa pa khoti logwiritsidwa kale ntchito, ena amauvula kukachapa osaubwezeranso. Inu mwafunsanu, tembenuzani khotilo muyang'ane m'chiuno pa msoko wam'mbali ndi kumsana. Ngati pali malupu ndiye lamba analipo. Ngati malupu anadulidwa mupeza timabowo ta singano kapena kachigawo komwe mtundu wa nsalu sunasuluke ngati penapo. Koma ngakhale musanayang'ane, zomwe mwafotokozazo ndi tirenchi. Mizere iwiri ya mabatani, ambiri amakhala mabatani 10 kutsogolo, kansalu ka pachifuwa, kakepu kumsana. Renikoti wamba sanyamula zonsezo.

Wogulitsa majekete: Malupu alipo awiri, limodzi lang'ambika. Komano kansalu ka pachifuwako si ndiye sitomu fulapu? Ine ndimaona ngati chili ndi sitomu fulapu ndiye kuti n'cha mvula basi, ndi chomwe chinandinamiza ulendo woyamba uja.

Telala wakale: Apo ndi pomwe ambiri amagwera, chifukwa dzina ndi limodzi koma zinthu ndi ziwiri. Pa renikoti za masiku ano zija za zipi ndi hudi, chomwe amachitcha sitomu fulapu ndi mzere wa nsalu wotsika kuchokera pakhosi mpaka pansi, wophimba zipi kuti madzi asalowe m'mano mwa zipiyo. Pa tirenchi ndi kansalu kafupi kosokedwa paphewa limodzi, kotsikira pachifuwa, kali ndi batani limodzi kunsi. Mukalisiya khoti lotsegula kamaoneka ngati kokongoletsa chabe. Yesani izi: valitsani pa dame, chidole chija choonetserapo zovala, tsekani mabatani onse mpaka pakhosi, mbali yakumanzere idutse pamwamba pa yakumanja, kenako tsitsani kansaluko pamwamba pake n'kumanga batani. Muona kuti kakuphimba m'mphepete momwe madzi otsika paphewa akanalowera. Ndiye chifukwa chake pa la abambo kamakhala kumanja, pa la amayi nthawi zambiri kumanzere poti iwo amatseka mobwerera. Kakepu ka kumsanako kunsi kwake sikasokedwa, madzi amatsetsereka pamenepo n'kugwa osatsata msana.

Che Lamba: Zonsezo n'zokongoletsa. Ine zaka zonsezi ndimayang'ana lamba basi ndipo palibe anandibwezerapo katundu.

Mayi wa mabelo: Che Lamba inu, ine ndili ndi renikoti ya pulasitiki yachikasu pano ili ndi lamba wake, ndiye imeneyonso ndi tirenchi? Kkkk. Ine ndimayamba ndi kolala. Ya tirenchi imakhala ndi malapelo otambalala ngati a jekete la suti koma okulirapo, ndipo mukaimika kolalayo kumbuyo kwake mupeza kalamba kakang'ono kobisika komangira pakhosi, kutsogolo kuli kandowe kachitsulo kokolowekera. Renikoti yachikale ija amati maki ili ndi kolala ngati ya shati, yopindika kamodzi, mabatani mzere umodzi ndipo obisika pansi pa nsalu moti kutsogolo kumaoneka kosalala. Ndinaphunzira movutika, kale ndinkangoti khoti lililonse lalitali la khaki ndi tirenchi, mayi wina anandiyankha pagulu mpaka ndinasowa poyang'ana.

Wophunzira kusoka: Pepani akuluakulu, funso langa n'losiyana pang'ono. Wina wandibweretsera khoti losalala ngati lomwe mayi akunenali akufuna ndimuikire malupu ndi lamba kuti lizioneka ngati tirenchi. Ndisoke pamsoko wam'mbali kapena?

Telala wakale: Mwana wanga usaliboole usanaliyang'ane mkati. Ukapeza misoko yomatidwa ndi tepi, nsalu yolimbirako ndipo ikununkhira labala, kukhwapa kuli timabowo tachitsulo topumira, chimenecho ndi maki yeniyeni. Nsalu imeneyo ndi ziwiri zomatidwa ndi labala pakati, njira ya Charles Macintosh ya 1823, ndipo bowo lililonse la singano limakhala polowera madzi mpaka kalekale. Ayironi usayandikitsenso, ngakhale ku dirayi kilini lisapite, labalayo amamatuka n'kuchita matuza. Ndinawonongapo limodzi ndili mnyamata, ndinangoti ndiwongole kolala, inatuluka ngati chikopa chowauka. Komanso ngakhale utaika lamba silidzaoneka bwino. Maki amaidula motambalala kuchokera m'mapewa kutsika ngati belu, ukaimanga m'chiuno nsalu imaunjikana ngati thumba. Tirenchi anaidula kale kuti izimangidwa, ndipo kumbuyo kunsi ili ndi mpata wokhala ndi pinda mkati kuti munthu aziponya mwendo madzi osalowa.

Mayi wa mabelo: Komatu tirenchi nayo ndi khoti la mvula, tisamutaye mwini funso. Linatchuka ndi asilikali aku Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, timalamba ta m'mapewa ndi timphete tachitsulo ta pa lamba n'zochokera komweko.

Telala wakale: N'zoona mayi, koma gabadini ija ya kampani ya Burberry, yomwe amasokera tirenchi, ndi nsalu yolukidwa mothinana, madzi amatsetsereka kwa kanthawi ndipo thupi limapuma, si kuti salowa mpang'ono pomwe. Misoko yake ilibe tepi. Likakalamba, kapena lachapidwa ndi sopo kangapo, mvula ya ola lathunthu ilowa ndithu ndipo imayambira m'mapewa, ndendende momwe kasitomalayo wanenera. Ndiye ma tirenchi ambiri a fashoni ndi poliyesitala wamba, ena kansalu ka pachifuwa anakasokerera konsekonse sikatsegukanso. Donthezani madzi pang'ono paphewa, akakhala timibulu n'kugubuduka lidakali bwino, nsalu ikada n'kumwa musalonjeze munthu chilichonse za mvula.

Che Lamba: Ndiye mwavomereza kuti malupu alipo eti? Malupu ndiye lamba. Si zomwe ndinanena zija?

Mayi wa mabelo: Munanena kuti alembe renikoti inu, werengani pamwambapo.

Wophunzira kusoka: Nanga la mzere umodzi wa mabatani koma lili ndi lamba ndi timalamba ta m'mapewa, kansalu ka pachifuwa palibe? Ndinaliwonapo lotero.

Mayi wa mabelo: Ine ndimalemba tirenchi ngati malapelo alipo. Ena amakana. Amenewo ndi aja opanga anangosakaniza, ndipo a hudi yochotseka aliponso, musandifunse.

Telala wakale: Mwini funso, lamba mukamusokera watsopano tengani nsalu yofanana kulemera kwake, muike sitifeningi mkati ndi mizere ingapo ya ulusi m'litali mwake, apo ayi amapindika ngati chingwe. Onaninso ngati timalamba ta pamkono tilipo tonse tiwiri, kamodzi kamakonda kusowa.

Che Lamba: Amene ali ndi mabako achikopa a lamba wa tirenchi andiuze, ndili ndi atatu opanda bako pano.