Kalata yotolera lendi yakanidwa ku Blantyre, chidindo chake n'cha kupolisi

Nachisale wa ku Rosettenville

Anzanga olemba zikalata, ndithandizeni msanga, mutu waima. Kasitomala wanga ndi mayi amene akugwira ntchito ku Randburg kuno ku Joni, nyumba yawo ili ku Namiwawa, lendi K450,000 pamwezi. Wobwereka ndi kampani, imagonekamo antchito ake. Mayiwa akufuna achimwene awo azitolera lendi ndi kulipira maleti ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre. Ndinalemba kalata monga mwa masiku onse, tinakadinditsa kupolisi, inapita pa basi. Akauntanti wa kampaniyo wabweza, akuti sapereka ndalama kwa munthu amene sali pa lizi chifukwa cha pepala la chidindo cha kupolisi ya kunja. Maleti atsalira kale, mayiwa akundiimbira usiku ndi usana. Ndipite nawo kwa notale, loya wotsimikizira zikalata uja, kapena ku konsuleti? Nanga mawu ake ndisinthe pati?

Bambo Phiri a ku Yeoville

Chemwali, akauntantiyo akungovuta. Chidindo cha kupolisi chimakwana, ndiponso n'chaulere. Ndatumiza makalata otere ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Mangochi, palibe imene inabwerera. Achimwenewo apitenso, alankhule ndi bwana wamkulu.

Mayi Gondwe, kalaliki wa maloya

Nachisale, akauntantiyo sanalakwe. Wapolisi amadinda ngati komishonala wa malumbiro, ndipo chidindo chakecho chimagwira ntchito muno mu South Africa. Munthu wa ku Blantyre alibe njira yodziwira kuti siginechayo ndi ya mayiwo. Akapereka ndalama kwa munthu wolakwika, kampani idzalipira kawiri.

Njira yake nayi. Mayiwo apite okha kwa notale ndi pasipoti yeniyeni, osati fotokope, akasaine pamaso pake. Asasainiretu kunyumba. Kenako pepalalo lipite kwa rejisitala wa khoti lalikulu la dera limene notaleyo amagwirako ntchito, kuno ndi lija la mumsewu wa Pritchard, akamate apositili, chiphaso chotsimikizira siginecha ndi chidindo cha notale kuti pepalalo ligwire ntchito kunja. Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano la ku Hague la 1961, ndiye apositili ya kuno imalandiridwa kumudzi. Musavutike kunyamula kalata ya chidindo cha kupolisi kupita nayo ku DIRCO, unduna wa kuno woona za ubale ndi maiko akunja, ku Pretoria, sakamatapo kanthu.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa si chidindo. Mwati mwalemba monga mwa masiku onse. M'kalatamo muli mawu oti chiyani?

Nachisale wa ku Rosettenville

Akuti "ndikupereka mphamvu kwa mchimwene wanga kuyang'anira nyumba yanga ndi kuchita zonse zofunika m'malo mwanga." Ndiye maina ndi manambala a ziphaso basi.

Mayi Gondwe, kalaliki wa maloya

Mawu akuti "zonse zofunika" achotseni lero lomwe. Thokozani kuti yakanidwa isanamatidwe apositili. Lembani yonena ntchito ziwiri zokhazo. Mutchule nambala ya puloti ndi ya tayitolo monga zilili pa pepala la malo, chifukwa kungoti "nyumba yanga ya ku Namiwawa" sikuuza munthu kanthu. Mutchule dzina la kampani yobwereka, ndalama ya lendi, ndi kuti achimwenewo ali ndi mphamvu yolandira ndi kupereka lisiti. Mutchulenso nambala ya akaunti ya maleti imene ili pa bilu ya khonsolo.

Kenaka mulembe poyera zimene saloledwa: kugulitsa, kuika nyumbayo chikole, kusaina lizi yatsopano, kusintha lendi, kutulutsa wobwereka, ndi kupatsira wina mphamvuzi. Ikaninso tsiku loyambira ndi lothera. Ine ndimaika chaka chimodzi. Munthu akayenda bwino, kulemba ina si ntchito. Koma kulanda pepala lopanda tsiku lothera m'manja mwa m'bale amene mwayambana naye, mudzatopa.

Che Jafali

Ine za maleti ndinazichitapo. Tengani kalatayo, ziphaso za onse awiri ndi bilu yakale, mupite ku ofesi ya manisipala ku Braamfontein, akakuikani kuti bilu izibwera pa imelo yanu.

Nachisale wa ku Rosettenville

Che Jafali, nyumbayo ili ku Blantyre, osati kuno.

Che Jafali

Pepani chemwali, ndinawerenga ndili m'takisi. Komabe poti ndayamba: kaya kuno kaya kumudzi, ngongole ya maleti imatsata mwini nyumba, osati wotumidwa. Malume anga anasiyira mphwawo nyumba ku Lilongwe. Lendi amatolera bwinobwino, mwezi ndi mwezi amatumiza pa foni, aliyense akumuyamikira. Maleti sanalipirepo ngakhale kamodzi, mabilu amangowaunjika m'kabati. Malumewo anadzadziwa atapita kumaliro, wobwereka n'kuwapatsa kalata yochenjeza. Ngongole itakwera ndi chiwongoladzanja, anachita kugulitsa galimoto ya kuno. Ndiye m'kalata mwanumo muikemo zoti azijambula lisiti ya khonsolo ndi kutumiza nthawi iliyonse akalipira.

Bambo Phiri a ku Yeoville

Mwaona? Apositili ikanamuletsa mphwakeyo kudya ndalama? Nkhani ndi munthu, osati pepala. Mukufuna mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ataye tsiku lonse ndi malandi ake kwa notale, chonsecho kupolisi n'kwaulere. Ndipo kulipira maleti sikufuna kalata. Aliyense atha kupita ndi nambala ya akaunti, kashiya sakana ndalama chifukwa cha dzina.

Mayi Gondwe, kalaliki wa maloya

Pa kulipirapo mwanena zoona, Bambo Phiri, ndalama sakana. Koma apa pali ngongole. Achimwenewo akafuna sitetimenti yonse, kapena kukambirana zolipira pang'onopang'ono, kapena kutsutsa bilu, pamenepo adzafunsidwa kuti iwo ndi ndani pa nyumbayo. Makalata anu aja amadutsa chifukwa obwereka ake ndi anthu wamba odziwana ndi eni nyumba. Kampani imawerengedwa mabuku.

Mlongo Chikondi

Ine ndikuona ngati mukuzungulira. Bwanji kampaniyo izingoika lendi mu akaunti ya mayiwo ya kubanki ya kumudzi? Mayiwo alembere kampani kalata yawoyawo, kuchokera pa imelo kapena nambala imene ili pa lizi. Achimwene azingopatsidwa ya maleti pa Mpamba kapena Airtel Money. Ndalama zambiri zisamadutse m'thumba mwa m'bale, chibale chimatha nazo zimenezi.

Chinanso muwauziretu onse awiri: kampani imadula msonkho wa MRA pa lendi isanalipire, ndiye K450,000 sidzafika yathunthu. Satifiketi ya msonkhowo ituluke m'dzina ndi TPIN, nambala ya msonkho, ya mayiwo, osati ya achimwene. Ndinaonapo apachibale akunenana kuba chifukwa cha ndalama yodulidwayo.

Nachisale wa ku Rosettenville

Akaunti yawo ya kumudzi inagona, sanaigwiritse ntchito chibwerere kuno. N'chifukwa chake tafika pa achimwene. Ndipo ndangoona tsopano, pasipoti yawo ikutha mwezi wamawa.

Mayi Gondwe, kalaliki wa maloya

Ndiye apite kwa notale sabata ino, isanathe. Musanalipire kalikonse, tumizani dirafuti kwa akauntantiyo ayankhe molemba kuti akailandira. Mwina adzati kalata yosainidwa ku konsuleti ya Malawi kuno ku Joni ikwana, koma zimenezo anene yekha. Muwauzenso achimwenewo kuti mwini akamwalira, mphamvu ya pepalali yathera pomwepo. Ndipo tsiku limene mayiwo adzafune kuichotsa, kuuza achimwene okha sikukwana, kampani ndi khonsolo alemberedwe.

Kodi malowo ndi a lizi ya boma kapena ya Malawi Housing? Ngati ndi choncho palinso lendi ya nthaka, imene sipita ku khonsolo. Ikapanda kutchulidwa m'kalatamo, palibe adzaikumbuke.

Bambo Phiri a ku Yeoville

Ine ndikadali pomwepo. Sabata yatha yomweyi ndatumiza ina ku Zomba ya chidindo cha kupolisi, lendi atolera kale.

Che Jafali

Mlongo Chikondi, za akaunti yogonayo, kodi banki imalola kuidzutsa munthu uli kuno, kapena mpaka ukaonekere wekha? Yanga nayonso inagona.