Asodzi anga adothi akutuluka ngati apulasitiki pachithunzi

Anaphiri: Anzanga thandizeni, mutu waima. Kasitomala wa ku Lilongwe akufuna zithunzi mawa lomwe, za asodzi anga aja a masentimita 8 okhala m'kabwato. Ndajambula pamchenga kuno ku Senga Bay masana, nkhope zangoyera mbee, mizere ya ukonde osaoneka. Fulashi ndiye yanyanyitsa. Kasitomalayo akuti zikukhala ngati zidole za m'shopu. Nditani?

Che Saidi: Munapaka vanishi? Ngati munapaka, basi zatha.

Bambo a Tadala: Vanishi ndi mbali chabe. Dzuwa likakhala paliwombo, kapena fulashi ikawomba kuchokera kumaso, timaenje tonse ta dongo timadzaza kuwala, ndiye zidindo za zala ndi mizere munalemba ija zimafufutika. Chimene chimauza diso kuti ili ndi dongo ndi timithunzi ta m'mizeremo. Lowani pakhonde, kuwala kuzibwera chammbali, mbali inayo muimike katoni yoyera kuti mthunzi usade bii. Fulashi muzimitse.

Mayi a Grace: Ngati vuto ndi kuyera, pakani chikule musanawotche, mukulungize ndi mwala. Zimafiira bwino.

Anaphiri: Zowotcha kale izi mayi. Vanishi ndinangopaka pabwato pokha.

Che Saidi: Si izo! Bwatolo likuphanima, diso likuthamangira pamenepo. Palani ndi sandipepala.

Bambo a Tadala: Osapala achimwene, dongo lowotchera pamoto wankhuni ndi losalimba, mudzasiya zipsera. Komanso Anaphiri, mchenga ukukuwonongerani. Kamsodzi ka masentimita 8 kakuimira munthu wa masentimita 160, ndiye chilichonse chili pambali pake chikukula ka 20. Kanjere ka mchenga ka mamilimita 2 kakukhala ngati mwala wa masentimita 4, munthu wanu ali pamiyala osati pagombe. Sefani ndi sefa yaufa, muthire pathireyi. Foni muiyandikize ndithu, ikhale chapamwamba pang'ono, mudine pankhope ya msodziyo kuti kumbuyo kuchite mbuu. Kusaoneka bwino kwa kumbuyoko ndi kumene kumasonyeza kuti kanthuka n'kakang'ono. Mukayandikitsa mopitirira, nkhope nayonso isiya kuoneka, mubwerere m'mbuyo pang'ono.

Achimwene a ku Chia: Za katonizo samalani. Ine Mwera unaigwetsera pa ting'ombe tanga tosawotcha, nyanga zonse phwa, oda ya sabata yathunthu. Muitsamiritse ndi njerwa. Wina kwathu kuno anakutira babu ndi pepala kuti kuwala kufewe, pepala linayaka.

Che Saidi: Chitani zonsezo, koma vanishi akadalipo chinyezimirabe. Ine ndinasiya kalekale.

Mayi a Grace: Nanga alendo ena saumirira zonyezimira zomwezo, Che Saidi? Mwa njira, dongo labwino mukukumba kuti masiku ano? Langa likung'aluka poumitsa.

Achimwene a ku Chia: Mukuumitsa padzuwa kapena m'nyumba?