Ndingawadziwitse bwanji anthu awiri pa imelo kuti aliyense aone phindu lake?

Moni nonse abale. Ndikupempha nzeru.

Pali mayi wina ku Dedza amene amatsogolera gulu la alimi a mbatatesi, ndipo ku Lilongwe kuli bambo amene amagulira zakudya malo odyera angapo. Mayiwo akusowa msika wodalirika. Bambowo amadandaula kuti omwe amawabweretsera katundu sasunga tsiku.

Ndinawalembera imelo imodzi onse awiri, mutu wake "Kudziwana", ndi kufotokoza mbiri ya aliyense m'ndime zitatu. Palibe anayankha. Kenako ndinaimbira bambowo lamya, iwo n'kundifunsa kuti, "Kodi mayiwa akufuna ntchito?" Apa ndinaona kuti chifukwa chokumanira chinakwiririka m'mbiri zija.

Tsopano ndikuganiza zoika mutu wakuti "Mbatatesi ya ku Dedza sabata iliyonse", kenako mizere iwiri yonena chimene aliyense ali nacho ndi chimene akusowa. Koma mtengo ndi kuchuluka kwa matumba ndizitchule ine, kapena ndiwasiyire eni ake? Nanga ndiyambe ndapempha chilolezo kwa aliyense payekha ndisanawaike pa imelo imodzi? Bambowo ndi wamkulu kwa ine, sindikufuna kuoneka ngati ndikuwalamula. Ndani mwa awiriwa ndimupemphe kuti ayambe kuyankha?